Telala ndi foni: dongosolo lopezera makasitomala a madiresi

Ophunzira ambiri akuthandiza makolo awo kutsatsa malonda pa foni. Tiyeni tione mmene telala wosoka madiresi a amayi apantchito, monga aphunzitsi, anamwino ndi ogwira ntchito m'maofesi, angakonzere dongosolo la mwezi wonse.

Dongosolo liyambire pa makina osokera, osati pa foni. Tiyerekeze kuti telala ali ndi makina amodzi ndipo amamaliza madiresi anayi pa sabata, kutanthauza 16 pa mwezi. Ngati anayi mwa amenewa amasokera makasitomala akale, akufunika maoda 12 atsopano. Tinenenso kuti mwa anthu atatu ofunsa mtengo, mmodzi yekha ndiye amalipira. Ndiye kuti pa mwezi pakufunika ofunsa 36, kapena kuti 9 pa sabata. Nambala imeneyi ndiyo muyeso wa ntchito yonse. Anthu ongoyamikira chithunzi sawerengedwa.

Malo otsatsira akhale awiri okha. Tsamba la Facebook ndi loitanira alendo, pomwe WhatsApp Business ndi yokambirana mpaka malonda atheke. Mu WhatsApp Business muli Catalog, momwe telala amaika chithunzi cha sitayilo iliyonse ndi mtengo wake, komanso Quick replies, momwe amasungira mayankho obwerezabwereza. Koma dziwani kuti Status imafufutika pakatha maola 24, ndipo amaiona okhawo amene munasungirana nawo manambala. Choncho aliyense wobwera kudzayezedwa apemphedwe kusunga nambala ya shopu asanachoke.

Kalendala itsatire malipiro. Amayi ambiri apantchito amalandira kumapeto kwa mwezi, ndipo ndi pamene amatha kulipira. Masabata awiri oyamba, telala aonetse ntchito yake: diresi lomalizidwa, msoko wam'kati, zipi, thumba lolowa foni. Sabata lachitatu aonetse nsalu ndi masitayilo atsopano pamodzi ndi mitengo, kuti anthu asankhiretu. Sabata lomaliza alengeze malo otsala, mwachitsanzo kuti kwatsala malo asanu a maoda a mwezi wamawa. Kuika zithunzi katatu pa sabata n'kokwanira, makamaka nthawi ya nkhomaliro kapena madzulo anthu ataweruka.

Chithunzi chijambulidwe masana pafupi ndi zenera, diresi litasitidwa, kumbuyo kuli khoma losalembedwa kanthu. Pakhale cha kutsogolo, cha kumbuyo ndi china choyandikira nsalu. Kuwala kwa babu kumasintha mtundu wa nsalu, ndipo kasitomala amadzadandaula kuti anasankha wina. Mawu apansi pa chithunzi ayankhe zimene mayi wotanganidwa amafunsa: nsalu yanji, ndalama zingati, litha masiku angati, ndipo kodi lili ndi layini m'kati. Musaike chithunzi cha kasitomala musanamupemphe. Ena amalola pokhapokha nkhope isaoneke, ena amakana, ndipo apo diresi lingajambulidwe lili pa hang'ala. Musatengenso zithunzi za ena pa intaneti n'kumati ndi ntchito yanu.

Munthu akafunsa, ayankhidwe tsiku lomwelo. Oda ilowe m'buku pokhapokha walipira theka. Ngati diresi ndi la K40,000, atumize K20,000 pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndipo telala aone yekha kuti ndalama zalowadi mu akaunti yake, asadalire chithunzi cha uthenga chimene watumiziridwa. Kenako alembe uthenga umodzi wotchula miyezo, nsalu, ndalama zotsala, tsiku lodzayesa ndi tsiku lodzatenga. Uthengawu ndiwo mboni pakabuka kusamvana.

Loweruka lililonse telala alembe m'kope manambala atatu: oona, ofunsa ndi olipira. Ngati oona ndi ambiri koma ofunsa sakufika 9, vuto lili pa chithunzi, kapena mtengo sunalembedwe. Ngati ofunsa afika 9 koma walipira mmodzi yekha m'malo mwa atatu, aone ngati akuchedwa kuyankha, kapena ngati mtengo ukuposa matumba a anthu amene akuona. Ngati oona ndi omwewomwewo, apemphe makasitomala okhutira kuti agawireko anzawo akuntchito nambala ya shopu, poti diresi limodzi lovalidwa mu ofesi limaonedwa ndi amayi ambiri.

Vuto lina limabwera zinthu zikayenda bwino. Nyengo ya maukwati kapena Idi ikayandikira, maoda amatha kufika 25 pomwe makina amakwanitsa 16. Telala akalandira onse, anthu 9 adzachedwetsedwa, ndipo madandaulo awo adzafika pa mafoni omwe aja amene anabweretsa malonda. Malo akadzadza, alembe poyera kuti mwezi uno wadzadza, atchule tsiku limene adzayambirenso kulandira maoda, ndipo asunge mayina a odikira.