Kunola chithunzi cha munda wa chimanga

Droni ikauluka mamita 100 m'mwamba, kadontho kamodzi ka chithunzi kamaimira nthaka ya masentimita pafupifupi atatu. Mizere ya chimanga imatalikirana masentimita 75, choncho pakati pa mizere iwiri pamakwana timadontho 25. N'tokwanira, koma droni ikagwedezeka ndi mphepo, masamba ndi dothi zimasakanikirana ngati utoto wonyowa.

Pamenepa m'pomwe pamalowa kunola. Pakompyuta, chida chotchedwa `Unsharp Mask` chimapanga chithunzi china chambuu, n'kuchiyerekeza ndi choyambacho. Pomwe ziwirizi zasiyana kwambiri, monga m'mphepete mwa mzere, chimadetsa mbali yakuda n'kuwalitsa yowala. Yambani ndi `Radius` wa kadontho kamodzi kapena tiwiri, muziwonjezera `Amount` pang'onopang'ono, maso ali pamzere umodzi. Mipata ya mbewu zosamera ndi chigawo chomwe madzi adakokolola zimayamba kuonekera bwino.

Mukapitirira muyeso, timizere toyera timazungulira masamba, ndipo munthu angaganize kuti ntchemberezandonda zadya munda. Fanizirani ndi chithunzi chosanola musanagule mankhwala. Ndi iko komwe, timabowo ta mbozizi ndi tating'ono kuposa kadontho kamodzi, ndiye kunola sikungationetse. Pamenepo tsitsani droni, kapena pitani mukasuzumire m'chikonyo cha masamba.