Amisiri a Moto ndi Makoko a Chitsulo

Aliyense amene anaimapo pachipala, pamene mnyamata akukankha mvukuto ndipo mmisiri akutulutsa chitsulo chofiira m'makala ndi kuchigoneka pa chosulira, waona tizipalapasa takuda timene timathothoka nyundo ikagunda, nkumwazika pansi mpaka dothi lonse lapamenepo lida. Amenewa ndiwo makoko a chitsulo, ndipo amabadwa pamene mpweya wa okosijeni ugwirana ndi chitsulo chotentha, popanda ngakhale dontho la madzi limene dzimbiri la khasu loiwalika kumunda limafuna. Wosula sadandaula nawo kwambiri, pakuti amadziwa kuti nkhwangwa iliyonse imene asula imapepuka pang'ono pobwerera kumoto kawirikawiri. Chimene amasamala nchakuti awapale asanamenye komaliza, chifukwa akawakhomerera m'chitsulo amasiya zipsera, ndipo akatsala pakati pa zitsulo ziwiri zimene akufuna kulumikiza ndi moto, zitsulozo zimakana kugwirana, nchifukwa chake ena amawaza mchenga wosalala kuti makokowo asungunuke ndi kufinyikira kunja.

Koma pali anthu ena amene makoko amenewa amawasowetsa tulo, ndiwo osonkhezera moto ndi oyang'anira maboyila m'mafakitale, monga a shuga ku Nchalo ndi ku Dwangwa kumene zotsala za nzimbe zimatenthedwa kuti zipange nthunzi, pamodzi ndi osamala ng'anjo zoyengera mkuwa ku Zambia. Pakuti chitsulo cha wosula chimakhala pamoto kamphindi chabe, pamene mipope ya boyila iyenera kupirira moto usana ndi usiku kwa zaka zambiri. Kumbuyo kwa anthu amenewa kuli akatswiri oyeza zitsulo, amene amadula kachidutswa, nakayeza kulemera kwake, nakaika m'ng'anjo yaing'ono kwa maola owerengeka, nkukayezanso. Ndipo chodabwitsa kwa mlendo nchakuti kachidutswako kamatuluka kolemera kuposa kale, popeza okosijeni amene kameza wawonjezera kulemera kwake.

Poyeza motero, Gustav Tammann wa ku Jeremani m'chaka cha 1920, ndiponso Pilling ndi Bedworth m'chaka cha 1923, anapeza kuti khoko logwira bwino limafulumira kukula poyamba, kenaka limanka lizengereza, ndipo m'chaka cha 1933 Carl Wagner analongosola chifukwa chake: khoko likakuta chitsulo chonse, tinthu ta chitsulo tiyenera kudutsa m'kati mwake kuti tikakumane ndi mpweya, kapena okosijeni alowe kudzera momwemo, kotero kuti khoko likanenepa kawiri ulendowo utalika kawiri, ndipo liwiro la kukula litsika ndi theka. Akatswiri amalemba lamuloli motere: x² = kt, pamene x ndiko kunenepa kwa khoko, t ndiyo nthawi, ndipo k ndi nambala yodalira mtundu wa chitsulo ndi ukali wa moto.

Tiyerekeze kuti mpope wina wachita khoko la mamilimita 0.1 pa maola 1,000. Wosadziwa angaganize kuti pa maola 9,000 khokolo lifika pa 0.9, koma sizili choncho ayi: kuti lifike pa 0.2 pafunika maola 4,000, kuti lifike pa 0.3 pafunika maola 9,000, ndipo milimita imodzi yathunthu idzakwana patapita maola 100,000, kumene kuli kupitirira zaka khumi ndi chimodzi za moto wosazima. Tsono tiyerekezenso kuti pa maola 1,000 alionse moto uzimitsidwa mwadzidzidzi, chitseko cha ng'anjo nkutsekulidwa kuti mphepo yozizira ilowe. Chitsulo chimafota pozizira kuposa khoko lake, khoko limasweka ndi kuthothoka, ndipo moto ukayatsidwanso chitsulo chamaliseche chimayambiranso pa liwiro la poyamba lija. Pa maola 9,000 omwewo mpope umenewu udzakhala utataya makoko a mamilimita 0.9, katatu kuposa mnzake amene sanasokonezedwe. Apa ndipo pamaoneka kusiyana kwa wosonkhezera moto wokhwima ndi wophunzira kumene, pakuti wokhwimayo amakoleza pang'onopang'ono ndi kuzimitsa pang'onopang'ono, ngakhale kapitawo atamuimirira pamsana kuti afulumire. Ndipo ine ndiyesa kuti ntchito imeneyi imapeputsidwa koposa muyeso wake.

Si khoko lililonse limene lili chishango. Pilling ndi Bedworth anayerekeza malo amene khoko limatenga ndi malo a chitsulo chimene chinadyedwa polipanga. Pa magineziyamu khoko limachepa, pafupifupi 0.8 ya malowo, motero limalephera kukuta paliponse, mpweya umalowa m'mipata, ndipo kudyekako kumapitirira pa liwiro limodzi osazengereza konse. Pa aluminiyamu ndi pafupifupi 1.3, khoko lothina bwino ndi lomatirira. Nambalayo ikakwera kwambiri kupitirira 2, kawirikawiri khoko limadzipanikiza lokha, nkutukumuka ndi kusweka. Komatu muyeso umenewu suuza zonse, pakuti khoko la kromiyamu lili pafupi ndi 2 ndipo limateteza bwino ndithu, pamene la molibudenamu limasungunuka pa madigiri 795 ndi kuuluka ngati utsi, kusiya chitsulo pambalambanda.

Chitsulo wamba chili ndi malire ake amene mmisiri aliyense wa moto ayenera kuwasunga pamtima, ndiwo madigiri 570. Pansi pa malirewo khoko lake lili ndi magawo awiri, maginetaiti ndi hemataiti, amene amakula mochedwa. Koma pamwamba pake pamabadwa gawo lachitatu lokhudzana ndi chitsulo chenicheni, lotchedwa wusitaiti, limene lili ndi malo ambiri opanda kanthu m'mapangidwe ake, moti tinthu ta chitsulo timadutsamo mosavuta, ndipo pa madigiri 1,000 gawo limeneli limatenga pafupifupi magawo 95 mwa 100 a khoko lonse. Makoko akuda a pachipala aja ndi a mtundu umenewu. Chifukwa chake mpope umene watumikira zaka zambiri mwamtendere ukhoza kuonongeka m'miyezi yochepa ngati lawi lalunjika pamalo amodzi, kapena ngati m'kati mwake mwaundana zokanirira zimene zimaletsa madzi kuuziziritsa. Woyendera boyila ikazima amafunafuna zizindikiro zake: makoko onenepa osanjikizana pamalo amodzi, mpope wotupa ngati mimba, zipalapasa zounjikana pansi, ndipo sakhutira ndi maso okha, popeza chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, koma amagogoda ndi kanyundo, namvera kulira kwake, nayeza kunenepa kwa khoma lotsala ndi kachipangizo kotumiza mafunde a mawu m'chitsulo.

Kumene moto uli waukali kuposa apo, opanga zitsulo amasanganizamo kromiyamu, kawirikawiri magawo 18 mpaka 25 mwa 100, kuti pamwamba pabadwe khoko lopyapyala la kromiyamu limene limakula mochedwa kwambiri ndi kudzitsekanso lokha likang'ambika. Kudzitseka kumeneku kuli ndi mtengo wake, pakuti khoko latsopano lililonse limakoka kromiyamu wa m'munsi mwake, ndipo likathothoka kambirimbiri kromiyamuyo amachepa pansi pa khungu kufikira tsiku limene khoko loteteza silingabadwenso. Pamenepo makoko a chitsulo wamba amatumphuka ngati zotupa, ndipo kudyeka kumathamanga mwadzidzidzi. Kupitirira madigiri 1,000 khoko la kromiyamu nalonso limayamba kuuluka, makamaka mumpweya wothamanga kapena wachinyezi, ndipo amisiri a ng'anjo zamagetsi amatembenukira ku waya wa Kanthal wochokera ku Swideni, wosanganiza chitsulo, kromiyamu ndi aluminiyamu pafupifupi magawo 5 mwa 100, umene khoko lake la aluminiyamu limapirira mpaka kufupi ndi madigiri 1,400. Ndipo ambiri a iwo, akalandira waya watsopano, amayamba autenthetsa mumpweya wabwino kwa maola angapo ng'anjo ili yopanda kanthu, kuti khoko likhwime asanaikemo katundu wotulutsa utsi.