Moni wa Lolemba, yankho Lachinayi

Lolemba m'mamawa azakhali a ku Dedza atumiza uthenga pa WhatsApp: "Mwadzuka bwanji kumeneko?" Mwana wa achimwene awo, amene amagwira ntchito ku Lilongwe, auwerenga ali m'minibasi, n'kuganiza zoyankha akatsika. Ntchito imuchulukira, bandulo ithanso. Pofika Lachinayi madzulo, moni uja udakali pomwepo, ndipo manyazi akula kuposa uthengawo.

Chimene chimavuta n'chakuti moni wa Chichewa umayenda ndi dzuwa. "Mwadzuka bwanji?" ndi wam'mawa, "Mwaswera bwanji?" ndi wamasana kapena madzulo. Kulemba kuti "Ndadzuka bwino" patapita masiku atatu kuli ngati kupatsa mlendo nsima yogona. Funso la Lolemba linapita ndi tsiku lake, choncho woyankha ayambe ndi moni wa nthawi imene akulembayo, ngati munthu amene wangofika pakhomo.

Mtsikana uja angalembe chonchi: "Mwaswera bwanji azakhali? Pepani ndachedwa kuyankha. Kuno tili bwino, kaya inu ndi ana? Mvula yayamba kumeneko?" Kupepesa kwatenga mawu atatu okha. Chimene chanyamula uthengawo ndi funso lakumapeto, chifukwa lapatsa azakhali nkhani yoti ayankhe, ndipo kucheza kwayambiranso.

Kupepesa kwa mizere khumi kumalemetsa wolandira. Iye anafunsa za moyo, koma akulandira mndandanda wa magetsi ozima, foni yakufa ndi abwana ovuta, kenako ayenera kuyamba kutonthoza munthu amene anachedwayo. Bodza lakuti "ndangouona kumene" ndiye loipitsitsa. Kuyambira mu 2014, WhatsApp imaonetsa timizere tiwiri tabuluu uthenga ukawerengedwa, pokhapokha mwini foni atazimitsa chizindikirocho. Azakhali anatiwona timizereto Lolemba lomwelo.

Azakhali akabweza kuti "Mwasowatu!", si mlandu ayi. Yankho lake ndi lakale lomwe la panjira: "Tilipo ndithu."

Pali malo amodzi pofunika kusamala kwambiri. Kwathu kuno munthu sayamba nkhani asanapereke moni, ngakhale itakhala yamatenda, yamaliro kapena yopempha thandizo la fizi. Moni wapafoni nthawi zina umakhala "odi" chabe, mwini wake akudikira kuti alowetsedwe. Zizindikiro zake zimaoneka: moni wochokera kwa munthu amene salembalemba, moni wotumizidwa usiku kwambiri, kapena wotsatiridwa ndi kuimba kumene sikunayankhidwe. Apa kulemba sikukwanira. Munthu aimbe foni, apereke moni, kenako afunse kuti, "Kaya n'kwabwino? Ndinaona uthenga wanu." Chimodzimodzinso kwa apongozi kapena agogo, amene mawu apakamwa amawafika pamtima kuposa zilembo, ndipo mphindi ziwiri zoimba zimakwana kumva ngati kumudzi kwagwa zina.