Fulashi ikugwira, mausi ikugwira, koma chithunzi osatuluka

Anthu akhala kale pamipando, pulojekita yayaka, koma pakhoma pakungooneka mawu akuti `No Signal`. Mwini laputopu azula adaputa, aiuzira mpweya, aitembenuza, aibwezera. Kuli zii. Ambiri zikafika apa amati wapashopu wawagulitsa chinthu chakufa. Zimatheka, pakuti zinthu zachinyengo zilipo pamsika. Koma kawirikawiri adaputa ilibe mlandu. Vuto limakhala bowo la USB-C la laputopuyo, lomwe silinapangidwe kuti lizitulutsa chithunzi.

USB-C ndi dzina la kaonekedwe ka bowo ndi pulagi yake basi. Silinena zimene bowolo lingachite. Linakhazikitsidwa mu 2014, ndipo mkati mwake muli tizitsulo 24 tokhudzana ndi pulagi. Wopanga laputopu ndiye amasankha zolumikiza ku tizitsuloti. Wina amalumikiza njira ya mafailo yokha, wina amawonjezera yotchajira, wina amafikitsako ndi ya chithunzi yomwe. Kunja mabowo onsewa ndi ofanana ndendende. Zili ngati mipopi iwiri pakhoma limodzi, wina uli ndi paipi kumbuyo, wina angoukhomapo: mutsegule mwamphamvu bwanji, wachiwiriwo sudontha.

Chosokoneza n'chakuti adaputa wamba sipanga chithunzi yokha. Imachita kupempha. Mukangoilowetsa, iyo ndi laputopu zimayamba zafunsana kudzera pa kachitsulo kamodzi kopatulidwira ntchito imeneyi. Adaputa imanena kuti ikufuna DisplayPort Alt Mode, njira imene bungwe la VESA linatulutsa chaka chomwecho cha 2014. Laputopu ikavomera, imapatutsa ziwiri kapena zonse zinayi mwa njira zothamanga za m'bowomo kuti zinyamule chithunzi cha mtundu wa DisplayPort chochokera ku gawo lojambula zithunzi. Kenako katchipi ka m'adaputamo kamasandutsa chithunzicho kukhala HDMI, imene wailesi ya kanema kapena pulojekita imamva. Ngati bowo silinalumikizidwe ku gawo lojambulalo, katchipi kamakhala kalibe chosandutsa. Palibe pulogalamu, dalaivala kapena kuika Windows yatsopano kumene kungakonze zimenezi, chifukwa chosowacho ndi mawaya ndi matchipi pabolodi. Wokulipiritsani kuti afufute kompyuta yonse pa vuto lotere akungokudyerani ndalama.

Tiyerekeze msungichuma wa bungwe amene ali ndi Lenovo IdeaPad 3, ndipo wagula adaputa ya mabowo angapo: HDMI imodzi, mabowo awiri a USB ndi polowetsa khadi. Walowetsa mausi, ikuyenda. Walowetsa fulashi, mafailo atseguka. Walowetsa chingwe cha HDMI, palibe chikuchitika. Iye akuti adaputa ndi yofa mbali imodzi. Komatu chimenechi ndiye chizindikiro chenicheni cha bowo la mafailo okha. Mausi ndi fulashi zimadutsa njira ya USB, yomwe ilipo. Chithunzi chimafuna njira ina, yomwe kulibe. Nthawi zina Windows imatulutsa kauthenga pakona kakuti `Display connection might be limited`, koma kamazimiririka munthu asanakawerenge, ndipo si adaputa iliyonse imene imachititsa kuti katuluke.

Kuti atsimikize, atembenuze laputopu, awerenge nambala yonse ya mtundu wake pa chomata chapansi, n'kuifufuza pa tsamba la kampani. Dzina loti IdeaPad 3 palokha silikwanira, chifukwa lili pa makina ambiri a zaka zosiyana, ena otulutsa chithunzi, ena ayi. Pa ena Lenovo imalemba mosabisa kuti `support data transfer only`, kutanthauza mafailo okha. Pa otulutsa chithunzi pamatchulidwa DisplayPort pamzere wa bowolo. Akapeza mawu oyambawo, nkhani yatha, asavutikenso kubweza adaputa.

Tizizindikiro ta pambali pa bowo timathandizako. Kamphezi kokhala ndi muvi kunsonga ndi Thunderbolt, ndipo bowo la Thunderbolt 3 kapena 4 limatulutsa chithunzi. Chilembo D chokhala ndi P mkati ndi DisplayPort. Zilembo SS zimangonena za liwiro la mafailo. Tsoka lake makampani ambiri salembapo kanthu, n'chifukwa chake ine ndimakhulupirira kuyesa kuposa kuyang'ana. Tengani adaputa yomweyo, chingwe chomwecho ndi kanema yemweyo, muyese pa MacBook ya USB-C, pa iPhone 15 kapena pa Samsung Galaxy S8 ndi ma S ambiri obwera pambuyo pake. Chithunzi chikatuluka, adaputa ndi yamoyo. Musayesere foni iliyonse, chifukwa mafoni ambiri otchipa nawo satulutsa chithunzi. Ndipo laputopu ikakhala ndi mabowo awiri a USB-C, yesani onse. Si zachilendo kuti limodzi lokha ndilo litulutse.

Nanga ngati bowo n'loyenera koma chithunzi palibe? Yambani ndi zapafupi. Kanema akhale pa HDMI imene mwalowetsako chingwe, osati HDMI 1 pomwe inu muli pa HDMI 2. Dinani `Win+P` n'kusankha `Duplicate`, pakuti laputopu ikatsalira pa `PC screen only` situmiza kanthu kunja. Zikakanika, `Win+Ctrl+Shift+B` imadzutsanso dalaivala wa zithunzi; sikirini imaphethira kamodzi.

Kenako kaikirani chingwe. Ma adaputa ena alibe kamchira kawokawo, amafuna chingwe cha USB-C mbali zonse, ndipo munthu amangotola cha chaja ya foni. Zingwe zambiri za chaja zili ndi mawaya a magetsi ndi a USB 2.0 okha. Mawaya othamanga aja, onyamula chithunzi, mulibemo. Chimatchaja bwinobwino, koma chithunzi sichingadutse. Dziwaninso kuti chingwe cha USB-C kupita ku HDMI chimayenda mbali imodzi. Simungachitembenuze kuti HDMI ya laputopu idyetse sikirini ya USB-C.

Palinso vuto la chithunzi chobwera n'kumathawa. Pa adaputa ya mabowo ambiri, njira zinayi zija zimagawidwa, ziwiri za mafailo, ziwiri za chithunzi. Ndi DisplayPort 1.2, njira ziwiri zimanyamula 4K pa 30 Hz, osati pa 60. Kawirikawiri makina amadzitsitsira okha, koma chingwe cha HDMI chikakhala chachitali kapena chofooka, sikirini imada kapena kuphethiraphethira. Tsitsani kufika pa 1920 x 1080. Chikakhazikika, mwadziwa kuti katundu anachuluka panjira.

Tibwerere kwa msungichuma uja. Makina ambiri a bowo la mafailo okha ali ndi bowo la HDMI lenileni pambali, ndipo chingwe wamba cha HDMI chimathetsa nkhani popanda adaputa. Ngati bowolo linathyoka, kapena akufuna sikirini yachiwiri yakunja, pali ma adaputa a DisplayLink. Awa sadalira DisplayPort Alt Mode. Pulogalamu imene mumaika pa laputopu imapanikiza chithunzi, n'kuchitumiza ngati mafailo pa USB wamba, ndipo tchipi cha m'adaputa chimachimasula. Ndi odula kuposa wamba, sagwira dalaivala wake asanaikidwe, ndipo amalemetsa pulosesa. Pa malipoti a ndalama ndi zoonetsa pamsonkhano amachita bwino, koma pa magemu othamanga chithunzi chimatsalira m'mbuyo pang'ono. Pogula, onetsetsani kuti dzina la DisplayLink lalembedwa pabokosi, ndipo pitani ndi laputopu yanu kushopu mukayesere pa kanema wawo musanapereke ndalama.