KULIMBITSA THUPI M'CIPINDA CIMODZI CA LENDI

Anthu ambiri amene amabwera m'matauni kudzafuna nchito amayambira m'cipinda cimodzi ca lendi. Ku Matero, ku Chawama ndi ku Kanyama mu Lusaka, ngakhalenso ku Kapata mu Chipata, cipinda cotere cimakhala ca mamita atatu m'litali ndi atatu m'lifupi. Mmenemo ndi mogona, mophikira ndiponso molandirira alendo. Mukalowa bedi, sutukesi, ndowa ya madzi ndi mbaula, malo otsala ndi kanjira cabe kocokera kucitseko kukafika kubedi.

Munthu wokulira kumudzi, amene anazolowera khasu, nkhwangwa ndi mtolo wa nkhuni, akakhala caka cimodzi pa nchito ya pampando amayamba kumva thupi lace kulefuka. Ndalama zolipira kumalo ocitirako masewera olimbitsa thupi alibe, ndipo zitsulo zonyamula alibe poziika. Komabe kanjira kaja, kakakwana mamita awiri m'litali ndi mita imodzi m'lifupi, kotero kuti munthu angathe kugona pansi ndi kutambasula miyendo, ndi kokwanira.

Bungwe Loona za Umoyo Padziko Lonse, m'malangizo ace a caka ca 2020, linanena kuti munthu wamkulu ayenera kucita zinthu zotulutsa thukuta pang'ono, monga kuyenda ndawala, kwa mphindi 150 kufikira 300 pa mlungu, ndiponso kulimbitsa minofu yace masiku awiri kapena kuposapo pa mlungu. Mbali yoyambayo siitheka bwino m'cipinda, ndipo wopita kunchito angaikwaniritse mwa kutsika basi patali pang'ono ndi kutsiriza ulendo wace pansi. Mbali yaciwiri ndiyo ya m'nyumba.

Vuto la amene amayamba okha

Ambiri amayamba ndi cangu. Amacita mapuresapu 20 m'mawa uliwonse, ndipo pakapita miyezi itatu amakhala akucitabe 20 omwewo, nadabwa kuti thupi silisintha. Cifukwa cace ncakuti mnofu umakula pokhapokha ukapatsidwa nchito yoposa imene unazolowera. Wonyamula zitsulo amangoonjezera citsulo cina. Amene alibe zitsulo katundu wace ndi thupi lace lomwe, ndipo kulemera kwa thupi sikusintha. Tsono iye ayenera kusintha kaimidwe kace, kuti gawo lalikulupo la thupilo ligwere pamikono kapena pamwendo umodzi.

Citsanzo ndi kalaliki wa zaka 28 wolemera makilogalamu 66, amene akhala yekha m'cipinda conga cachulidwa pamwambapa. Pa tsiku loyamba adziyesa pansi, ndipo akwanitsa mapuresapu anai okha, acisanu ciuno nkugwera pansi. Palibe codabwitsa pamenepa. Munthu akatsamira pamanja ndi pazala za kumapazi, mikono yace imasenza pafupi-fupi magawo awiri mwa magawo atatu a kulemera kwace, ndiye kuti kwa kalalikiyu ndi makilogalamu oposa 40, kutsala pang'ono kufika pa thumba la simenti. Akaika manja pamphepete pa bedi, mapazi ali pansi, katunduyo amatsika kufika ca pa theka la kulemera kwace. Akaimirira ndi kukankha khoma, amapepukiratu.

Motero makwerero ace ali m'cipindamo kale: khoma, bedi, pansi, ndipo pomarizira pace mapazi pabedi manja pansi. Kalalikiyu ayambire pabedi, atalikankhira kukhoma kuti lisatsetsereke, ndipo manja awaike pa thabwa kapena citsulo ca bedi, osati pa matiresi ofewa amene amapinda dzanja.

Lamulo lokwerera makwererowo ndi limodzi pa masewera onse. Acite maraundi atatu, monga mmene amawerengera ankhonya, ndi kupuma mphindi imodzi kapena ziwiri pakati pace. M'raundi iriyonse acite nthawi zosacepera 8 ndi zosapitirira 15, ndipo aleke pamene akumva kuti mphamvu yotsala ingakwanire kawiri kokha. Ngati alephera kufika pa 8, ndiye kuti wakwera msanga, abwerere pa sitepe ya m'munsi. Akafika pa 15 m'maraundi onse atatu masiku awiri otsatizana, nthawi yokwera yakwana. Ziwerengero zimenezi zilembedwe m'kabuku ka sukulu tsiku ndi tsiku, pakuti mtima wa munthu umakonda kukumbukira tsiku limene anacita bwino ndi kuiwala ena onse.

Puresapu wabwino amadziwika ndi thupi loongoka ngati mtanda wa denga kucokera kumutu kufikira kucidendene. Zigongono zisatambasukire m'mbali ngati mapiko a nkhuku, koma zipendekere kumbuyo ca kunthiti. Cifuwa ndico cifike pafupi ndi bedi, osati cibwano. Ciuno cikayamba kulendewera, raundi imeneyo yatha, ngakhale mikono ikadali ndi mphamvu.

Miyendo ndi msana

Miyendo imalimbitsidwa ndi kunyonyomala. Woyamba aimirire atafulatira bedi, mapazi atatalikirana monga mapewa ace, atsike pang'ono-pang'ono kufikira matako akhudza bedi, ndi kunyamuka osakhalapo. Zidendene zisacoke pansi, ndipo maondo alunjike kumene zala za kumapazi zaloza, asagwere mkati. Kwa munthu wa zaka 28 zimenezi zimapepuka m'milungu iwiri yokha, cifukwa miyendo inazolowera kale kusenza thupi. Apa ndi pamene ambiri amalakwa, nayamba kunyonyomala nthawi 100, zimene zimangotopetsa ndi kutha nthawi. Njira yabwino ndi kucedwetsa katsikidwe, kuwerenga masekondi atatu potsika, ndi kuima kamphindi pansipo. Izi zikapepukanso, aponye mwendo umodzi kutsogolo wina kumbuyo, ndi kutsika kufikira bondo la kumbuyo litsala pang'ono kukhudza pansi. Sitepe yotsatira ndi kuika phazi la kumbuyolo pabedi, kotero kuti katundu wambiri agwere pa nchafu imodzi. Amene anayesapo zimenezi sazinyoza.

Cobvuta kwenikweni m'cipinda copanda zida ndi kukoka. Kukankha nkosabvuta cifukwa pansi ndi khoma zilipo, koma minofu ya kumsana imafuna cinthu cocikoka, ndipo munthu wongocita mapuresapu okha amasiya msana wace m'mbuyo. Ena amalendewera pacitseko kapena pamtanda wa denga. Zimenezi nzoopsa m'nyumba zambiri za m'komboni, mmene mafelemu a zitseko anangogwiridwa ndi simenti yocepa, ndipo mitanda anaiikira kusenza malata okha. Citseko cikazuka, mlandu ndi mwini nyumba umakhala waukulu kuposa phindu la masewerawo, osanenapo za msana wogwera pasimenti.

Citenge kapena thaulo ndilo limathandiza. Munthu akhale pansi atatambalala, maondo atapindika pang'ono, akoletse citenge kumapazi, agwire nsonga zonse ziwiri, ndi kukoka zigongono kumbuyo ndi mphamvu kwa masekondi 15 kapena 20, msana uli woongoka, uku mapazi akukana. Nsaluyo siyenda, koma minofu ya pakati pa mapewa imagwira nchito. Apume mpweya monga mwa masiku onse pokokapo, asaugwire m'cifuwa, pakuti kugwira mpweya kumakweza kuthamanga kwa magazi. Pambuyo pace agone cafufumimba pamphasa, atambasule mikono m'mbali, ainyamule pang'ono kucoka pansi ndi kuitsitsa mosafulumira. Kunena zoona, ziwirizi sizifika pa kudzikweza pacitsulo, ndipo amene angapeze citsulo colimba kubwalo la sukulu kapena la mpira acite bwino kupitako kamodzi pa mlungu.

Ca pamimba ncacifupi. Atsamire pazigongono ndi pazala za kumapazi, thupi loongoka, kwa masekondi 20, naonjezere pang'ono-pang'ono kufikira mphindi imodzi. Zimenezi zimalimbitsa minofu ya pamimba, koma sizisungunula mafuta a pamalo amenewo. Kacepedwe ka mimba kamadalira zimene munthu akudya ndi mtunda umene akuyenda.

Mlungu wa kalaliki

Kalaliki uja asankhe Lolemba, Lacitatu ndi Lacisanu, kuti pakati pakhale tsiku lopuma, cifukwa mnofu umamangika pa nthawi yopumayo. M'mawa asanasambe ndiyo nthawi yabwino, makamaka mu Okutobala pamene malata amasandutsa cipinda kukhala ng'anjo kufikira usiku, ndiponso madzi osamba amakhala amodzi omwewo. Ayambe ndi mphindi zisanu zoponda pamalo amodzi, kuzunguza mikono ndi kunyonyomala mopepuka. Kenaka mapuresapu, miyendo, citenge, ndi pamimba pomarizira. Zonse pamodzi zimatenga mphindi 25 kapena 30.

Palibe kudumpha m'ndondomeko imeneyi, ndipo ndi dala. Khoma limodzi lokha ndilo limalekanitsa iye ndi banja la m'cipinda cinaco, ndipo mdidi wa mapazi mbandakuca ndiwo umayambitsa mikangano ya pabwalo. Simenti nayonso siicitira cifundo maondo a munthu amene sanazolowere. Ngati pansi anapaka polishi, acite wopanda masokosi kuti asaterereke.

Za mbaula nzofunika kuzichula pazokha. Makala oyaka m'cipinda cotseka amatulutsa mpweya wakupha umene suoneka ndipo sununkha, ndipo munthu wocita masewera amakoka mpweya wambiri kuposa wongokhala. M'miyezi ya Juni ndi Julai, pamene ambiri amalowetsa mbaula kuti aothe, iyenera kutulutsidwa panja ndi zenera kutsegulidwa masewera asanayambe. Mutu ukayamba kuwawa pamodzi ndi cizungulire ndi nseru, munthu atuluke panja msanga.

M'mlungu woyamba kalalikiyu angalembe m'kabuku kace 10, 9, 8 pa mapuresapu a pabedi. Pofika mlungu wacinai kapena wacisanu angafike pa 15 katatu, natsikira pansi, kumene ziwerengero zidzagwanso kufika pa 8 kapena 9. Kugwa kumeneku sikubwerera m'mbuyo ai, pakuti katundu wakula. Mphamvu ya m'milungu yoyambirira imabwera makamaka cifukwa mitsempha ikuphunzira kulamula minofu bwino, ndipo kusintha kooneka ndi maso kumacedwa, kawirikawiri kufikira patapita miyezi iwiri kapena itatu.

Kuphwanya kwa minofu kumene kumayamba tsiku lotsatira, nkukula pa tsiku laciwiri, nkutha m'masiku atatu kapena anai, nkwacibadwa kwa woyamba. Kupweteka kobaya m'kati mwa bondo, phewa kapena pamfundo ya dzanja, kumene kumabwera nthawi yomweyo ndi kukula pa raundi iriyonse, ndi cizindikiro cakuti aleke ndi kubwerera pa sitepe yopepuka. Wodwala malungo apume kufikira atatsiriza mankhwala ndi kupezanso mphamvu, ndipo pobwerera ayambire sitepe imodzi m'munsi mwa pamene analekezera. Amene ali ndi matenda a mtima, kuthamanga kwa magazi kapena shuga ayambe waonana ndi a kucipatala. Ndipo aliyense amene amva kuthina m'cifuwa, kubanika kosayenerana ndi nchito imene wacita, kapena aona mkodzo wace wada ngati tiyi wopanda mkaka pambuyo pa masewera olemetsa, apite kucipatala tsiku lomwelo.