Tambala imodzi yosochera

Woŵerengera ndalama akayerekeza lipoti la pakauntala ndi la pakompyuta ya ku likulu, nthaŵi zina amapeza kuti zasiyana ndi tambala imodzi kapena ziŵiri. Mtima umathamangira kuganiza kuti wina waba, koma kaŵirikaŵiri vuto limakhala kudula manambala.

Tiyerekeze kuti msonkho ndi 15 peresenti, ndipo mwagula zinthu zitatu za K10.10 chilichonse. Msonkho wa chinthu chimodzi ndi K1.515. Popeza theka la tambala kulibe, makina a pakauntala amaukweza kukhala K1.52, ndiye katatu ndi K4.56. Kompyuta ya ku likulu ikayamba yaphatikiza mitengo, imapeza K30.30, msonkho wake ndi K4.545, womwe umakwezedwa kukhala K4.55. Onse aŵerengera bwino, angosiyana nthaŵi yodulira.

Gwero lina ndi lobisika. Kompyuta imasunga manambala pogwiritsa ntchito 0 ndi 1 basi, motero 0.1 imakhala nambala yosatha, monga mmene kugaŵa 10 patatu kumaperekera 3.333 mpaka kalekale. Imangoidula penapake. Mu Python, `0.1 + 0.2` amatulutsa `0.30000000000000004`. Kachidutswa kotere kakagwera pamalire a theka la tambala, kamatha kukweza kapena kutsitsa ndalamayo.

Chizindikiro chake nchakuti kusiyanako kumakhala kochepa poyerekeza ndi kuchuluka kwa malisiti. Kukafika K5,000 pa malisiti 20, fufuzani lisiti losoŵa. Ine ndimati pulogalamu ya ndalama izisunga matambala athunthu, 1010 m'malo mwa 10.10, ndipo mbali zonse zigwirizane podulira pamodzi.