Kudya kutulo: n'chiyani chimachitika m'thupi?

Tiyerekeze mtsikana wa Fomu 3 pasukulu yogonera konko. Wadya nsima ya nyemba hafu faifi madzulo, wawerenga, wagona 10 koloko. Cham'ma 4 koloko m'bandakucha akulota ali kumudzi, agogo ake akumupakulira nyama. Akuti aike pakamwa, nyama ija yasasa, ikununkha. Akudzidzimuka m'kamwa mukuwawa. Pofika nthawi ya phala mnzake wamuuza kale kuti, "Amwali, kudya kutulo si zabwino, akudyetsani zimenezo." Holide ikubwerayi mtsikana uja sakufunanso kulawa chakudya cha agogo ake.

Tisanafike poweruza agogo, tiyeni tione zimene zimachitika m'thupi mwake usiku umenewo.

Tiyambe ndi mphamvu. Munthu akagona, ubongo suzima ngati babu. Umagwiritsa ntchito mphamvu pafupifupi mawati 20, usana ndi usiku. Kuyambira 10 koloko mpaka 4 koloko ndi maola 6, omwe ndi masekondi 21,600. Mukukumbukira fomula ija ya m'kalasi eti?

E = P × t = 20 × 21,600 = 432,000 J

Galamu imodzi ya shuga wa gulukozi imapereka majulu pafupifupi 16,000. Tikagawa, tikupeza magalamu 27, kapena kuti timasupuni ta tiyi pafupifupi 7 ta shuga. Umenewu ndi ubongo wokha, osawerengera mtima ndi mapapo. Nsima ya hafu faifi ija imakhala itachoka kale m'mimba patatha maola anayi kapena asanu, ndiye usiku wonsewo ndi chiwindi chimene chimatulutsa shuga amene chinasunga. Pofika 4 koloko mtsikana uja watha maola 10 ndi theka osadya kanthu. Palibe choopsa, thupi limakwanitsa, koma m'mimba mopanda kanthu mumatumizabe mauthenga ku ubongo.

Nanga bwanji malotowo anabwera m'bandakucha osati 11 koloko? Tulo si timodzimodzi usiku wonse. Mu 1953, Eugene Aserinsky ndi Nathaniel Kleitman a ku Yunivesite ya Chicago anapeza kuti pali nthawi zina pamene maso a munthu wogona amayendayenda mofulumira m'kati mwa zikope, ndipo ukamudzutsa nthawi imeneyo kawirikawiri amati amalota. Tulo tamaloto timeneti timabwera pafupifupi mphindi 90 zilizonse. Koyambirira kwa usiku timakhala tatifupi, koma kukamayandikira kucha timatalika mpaka theka la ola kapena kuposa. Mwaona pamenepo? Nthawi imene timalota kwambiri ndi yomweyonso imene papita maola ambiri chidyereni.

Zoti njala imalowa m'maloto zinaonekapo poyera. Gulu la Otto Nordenskjöld wa ku Sweden litatsekeredwa ndi madzi oundana ku Antakitika mu 1902 ndi 1903, likudya zakudya zomwezomwezo tsiku ndi tsiku, maloto awo ambiri anali a kudya ndi kumwa, ndipo m'mawa ankafotokozerana maphwando amene adya kutulo.

Koma musathamangire kunena kuti aliyense wanjala amalota chakudya. Mu 1958, William Dement ndi Edward Wolpert anauza anthu atatu kuti asamwe kanthu kwa maola 24 asanagone. Pa maloto 15 amene anawalemba, panalibe ngakhale amodzi oti wolotayo akumwa madzi, ngakhale kuti ena anali okhudzako zakumwa. Ndiye chosowa cha thupi chimangokankha maloto kumbali ina yake, sichiwalamula. Chimene chimaoneka kuti chili ndi mphamvu kwambiri ndi zimene munthu wakhala akuganiza masana. Mtsikana amene watha teremu yonse akudya nyemba, nyama akuiona mwa apo ndi apo, amaiganizira nyamayo, ndipo kuilota si zodabwitsa.

Izi zikutifikitsa kwa agogo aja. Ubongo susunga chakudya pachokha ngati mndandanda wa kugolosale. Umachisunga pamodzi ndi malo ake komanso munthu amene anachiphika. Tangoganizirani thobwa panopa: mwina mwaona kale nkhope ya amene amakufululirani. Kwa mtsikana uja, nyama ndi agogo zili pamodzi chifukwa ndi iwo amene amamuphera nkhuku akafika pa holide. Ubongo ukatola "nyama", agogo amabwera nawo. Amene amatidyetsa kutulo nthawi zambiri ndi amene anatidyetsa tili maso, ndipo tikawasowa timawalota.

Tsopano kusasa kuja. Tikagona malovu amachepa kwambiri, m'kamwa mumauma, ndipo tizilombo ta mabakiteriya timatulutsa mpweya wonunkha. Munthu wa chimfine amene akupumira pakamwa zimamuchitikira kwambiri. Winanso akadya nyemba zambiri kapena zonona n'kugona nthawi yomweyo, asidi wa m'mimba amakwera kukhosi, chija timati chilungulira. Ndiye kuwawa kwa m'kamwa podzuka si umboni woti mwadya kanthu kutulo. N'kutheka kuti kuwawako kunayamba, maloto n'kutsatira.

Fungo la m'chipinda nalonso limathandizira. Mu 2008, Boris Stuck ndi anzake ku Mannheim, m'dziko la Germany, anapopera fungo m'mphuno mwa amayi 15 ali m'tulo tamaloto. Fungo la maluwa linkabweretsa maloto osangalatsa, la mazira oola linkabweretsa osasangalatsa, ngakhale kuti fungo lenilenilo sankalilota kawirikawiri. Ganizirani hositelo ya anthu ambiri, mawindo otseka, wina wabisa ndiwo zadzulo pansi pa bedi. Onjezerani nkhawa ya mayeso kapena kukangana ndi mnzanu, chifukwa zovuta za masana zimakonda kusandutsa maloto abwino kukhala oipa. Koma palibe kafukufuku amene anasonyeza kuti kulota chakudya choola kumalosera kutha kwa chibwenzi, kapena kuti wina akukufunirani zoipa.

Mungathe kuziyesa nokha. Kwa milungu iwiri ikani kope pafupi ndi pilo. Mukangodzuka, musanalankhule ndi munthu, lembani zinthu zinayi: nthawi imene munadya komaliza, chimene munadya, nthawi imene mwadzuka, ndi zimene mwalota, ngakhale zitakhala kuti palibe. Mlungu woyamba idyani mwa masiku onse. Wachiwiri onjezerani nthochi kapena mtedza pang'ono ola limodzi musanagone, osasintha china chilichonse. Kenako werengani maloto a chakudya pa mlungu uliwonse. Chenjezo: munthu mmodzi pa masiku 14 ndi zochepa kwambiri, komanso kungodziwa kuti mukufufuza za chakudya kungakulotetseni chakudyacho. Mukachita kalasi yonse n'kuphatikiza manambala, zotsatira zimadalirika kwambiriko. Ndipo osadzimana chakudya dala pofuna kuyesa.

Pali nthawi imene nkhani si malotonso. Ngati mukumva njala ndi ludzu losatha, mukukodza pafupipafupi usiku, komanso mukuonda chonsecho mukudya, pitani kuchipatala akayeze shuga m'magazi. Chimodzimodzi ngati chilungulira chikukudzutsani kawirikawiri, kapena mwayamba kuopa kudya. Ngati mukugona ndi njala chifukwa chakudya chikuperewera, uzani mphunzitsi amene mumamukhulupirira.

Makolo athu ali ndi matanthauzo awo a maloto, ndipo kukambirana nawo si kulakwa. Koma kuloza munthu chala chifukwa cha maloto n'koopsa. Agogo ambiri m'Malawi muno amenyedwa, ena kuphedwa kumene, pongoganiziridwa ufiti, ndipo lamulo la dziko lino la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Mtsikana uja anali ndi maola 10 ndi theka osadya, m'kamwa mouma, teremu yonse ya nyemba, ndi agogo amene wawasowa. Zinayizi zikukwanira kufotokoza loto lonse lija.